Meseji ya wantchito ikuti "ndibwera ndikamaliza": tiwalembere bwanji abwana?

Mayi Zulu: Anzanga m'ntchito ya ulembi ndi kuyang'anira antchito, ndikupempha nzeru. Ndimagwira pa kampani yosunga ndi kutumiza katundu kuno ku Lusaka, ndipo antchito onse akachedwa kapena akalephera kubwera amatumiza meseji pa foni yanga. Manijala wathu safuna kuti ndizingomupatsira mameseji momwe abwerera, amafuna chidziwitso cholembedwa bwino choti chilowe m'faelo ya munthuyo. Lero pa 06:52 woyendetsa makina onyamulira katundu, amene amayamba 07:30, wandilembera kuti: "Mwauka bwanji amayi. Mwana watentha thupi usiku wonse, ndili naye pamzere ku kiliniki kuno ku Kanyama. Ndibwera ndikamaliza. Muwauze abwana." Kodi ndilembe kuti achedwa kapena kuti sabwera? Nanga za matenda a mwanayo ndizitchule mpaka pati? Ku ofesi timalemba m'Chingerezi, koma tikambirane m'chinenero chathu kuti mfundo yake imveke bwino.

Bambo Mwale: Mayi Zulu, chofunika ndi ulemu ndi kufupikitsa, chifukwa manijala alibe nthawi yowerenga moni ndi nkhani ya mzere. Ine ndikanalemba motere: "Ndikudziwitsani kuti woyendetsa makina akupepesa kwambiri kuti afika mochedwa, cha m'ma 10:00, chifukwa cha matenda. Akupempha kuti nthawiyi iwerengedwe pa tchuthi cha odwala." Mukatero mwamuthandiza mnzathuyo, popeza abwana amafewa mtima akaona kupepesa komanso nthawi yeniyeni yofikira.

Mayi Daka: Bambo Mwale, pa kufupikitsa ndikugwirizana nanu, ndipo moni ndi mawu akuti "muwauze abwana" ziyeneradi kuchotsedwa. Koma m'chidziwitso chanucho muli zinthu zinayi zimene bamboyo sananene, ndipo chilichonse mwa izo chikhoza kumuvulaza m'malo momuthandiza.

Choopsa kwambiri ndi nthawi ya 10:00. Iye wati abwera akamaliza, ndipo aliyense amene anaimapo pamzere wa kiliniki ndi mwana wotentha thupi akudziwa kuti kumaliza kungakhale 09:30 kapena 14:00, makamaka akauzidwa kuti mwana ayezedwe malungo kenako akatenge mankhwala. Mukalemba 10:00 iye n'kufika 13:00, faelo idzaonetsa kuti analonjeza n'kuswa lonjezo, pomwe lonjezolo linachokera m'cholembera cha mlembi. Tsiku lina akadzaitanidwa pa mlandu wa kuchedwa, pepala limenelo ndi limene lidzawerengedwe, ndipo meseji yake yoyamba mwina idzakhala itafufutika kale.

Mawu akuti "chifukwa cha matenda" akubisa kuti wodwala ndani. Manijala adzaganiza kuti ndi bamboyo, ndipo adzayembekezera sikinoti yolembedwa dzina lake. Lamulo la zantchito la dziko lino la 2019 limasiyanitsa zinthu ziwirizi. Ndime 38 ndi ya wantchito amene wadwala iye mwini, ndipo imafuna kalata ya achipatala. Ndime 40 ndi ya kusamalira a m'banja: munthu amene wagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo ali ndi masiku 7 olipidwa pa chaka odwazika mkazi, mwamuna, mwana kapena wina amene amamusunga, atapereka kalata ya achipatala yotsimikizira kuti wodwalayo akufunika womusamalira. Choncho kumupemphera tchuthi cha odwala ndi kumulowetsa pa khomo losakhala lake. Ndipo iye sanapemphe tchuthi cha mtundu uliwonse, komanso sanapepese. Kupepesa kumaoneka ngati ulemu chabe, koma pa pepala la ofesi kumamveka ngati kuvomera kulakwa, pomwe kupita ndi mwana ku kiliniki si mlandu.

Ine ndikanayamba ndamubwezera funso limodzi lokha: "Kodi tiyembekezere kuti mufika lero, kapena tikonze wina wogwira shifiti yonse?" Koma sindikanadikira yankho kuti ndidziwitse abwana, chifukwa 07:30 ikuyandikira. Ndikanatumiza ichi: "Bwana, pa 06:52 lero ndalandira uthenga wochokera kwa woyendetsa makina onyamulira katundu wa shifiti ya 07:30. Wadziwitsa kuti ali ku kiliniki ndi mwana wake amene wadwala, ndipo sadzatha kuyamba pa nthawi yake. Wanena kuti abwera akamaliza, koma nthawi sanatchule. Ndamufunsa ngati afika lero, ndipo ndikudziwitsani akangoyankha."

Onani kuti nthawi imene meseji inafika ndaiika patsogolo. Imeneyo ndi mfundo imene imamuteteza kwambiri, chifukwa ikuonetsa kuti anadziwitsa shifiti isanayambe, ndipo alembi ambiri amaisiya poiona ngati yosafunika.

Mayi Zulu: Zikomo Mayi Daka. Ndatumiza monga mwalongosolera, ndangowonjezera chiganizo chakuti pali lole yofunika kupakira pa 09:00 ndipo woyendetsa makina winayo ali pa shifiti ya masana. Ndaona kuti mwachotsa za kutentha thupi ndiponso dzina la Kanyama. Kodi mwachita dala? Ndimaganiza kuti zimenezo zikanawathandiza abwana kukhulupirira kuti nkhaniyi ndi yoona.

Mayi Daka: Ndachita dala, mayi. Chiganizo cha lole chimene mwawonjezera n'chabwino, chifukwa ndi mfundo ya ntchito imene inu mukuidziwa ndipo ndi imene manijala angachitepo kanthu m'mawa uno. Chisiyanitseni ndi mawu a wantchitoyo pochiyamba ndi "kumbali ya ntchito", kuti pasaoneke ngati iye ndiye wanena.

Za kutentha thupi n'zosiyana. Manijala akufunika kudziwa kuti munthu kulibe, chifukwa chake mwachidule, ndi pamene angabwere. Zizindikiro za matenda sizisintha chilichonse pa kakonzedwe ka shifiti. Lamulo la 2021 loteteza mbiri za anthu limaika nkhani za umoyo m'gulu la zinthu zofunika kusungidwa mosamala kwambiri, ndipo apa wodwalayo ndi mwana, amene sali pa ntchito ya kampani yanu. Umboni wake ndi kalata ya ku kiliniki imene bamboyo adzabweretse, osati kuchuluka kwa zimene mlembi walongosola. Palinso vuto lina limene limabwera mlembi akayamba kulemba zizindikiro: amafuna kuti zimveke zaukatswiri, ndiye "watentha thupi" imasanduka "malungo", kapena "watsegula m'mimba" imasanduka "kolera". Dzina la matenda amapereka ndi achipatala, ndipo mu mzinda umene unavutika ndi kolera kumayambiriro kwa 2024, kulemba liwu limenelo popanda umboni kungachititse kuti munthu asalidwe ndi anzake pa ntchito.

Bambo Sakala: Ine ndimayang'anira alonda, ndipo kwa ife vuto ndi bodza. Nyengo ya mvula aliyense amati madzi adzaza pakhomo kapena minibasi yaima mu msewu wa Lumumba, ndipo Lolemba lililonse pamakhala maliro. Wina amatumiza uthenga kudzera mwa mnzake, akuti foni yake yazima chifukwa magetsi kulibe. Ine polemba kwa abwana ndimaikapo kuti "akunamizira" ndikaona kuti munthuyo ndi wachizolowezi, apo ayi abwana adzati ndikubisa anthu aulesi. Kodi mukufuna tizikometsera mabodza ndi Chingerezi chabwino?

Mayi Daka: Bambo Sakala, palibe amene akuti mukometsere. Koma chidziwitso cha m'mawa ndi lipoti la khalidwe la munthu ndi mapepala awiri osiyana. Mukalemba "akunamizira" mwaweruza mlandu umene sunamvedwe, ndipo munthu ali ndi ufulu wopereka mbali yake asanalangidwe. Lembani kuti "wanena kuti", ndipo ngati kuchedwa kwachuluka, tengani buku la kaundula, lembani padera masiku ake ndi nthawi zimene anafika, masikuwo adzadzinenera okha. Pa uthenga wodzera mwa mnzake mwatchula mfundo yofunika: chidziwitso chinene poyera kuti uthengawo mwaulandira kwa uje pa nthawi yakuti, ndiponso kuti mwayesa kumuimbira mwini wake foni osamupeza. Mukaulemba ngati wachokera kwa mwini wake, mwavomereza mawu amene simunawamve.

Mayi Njovu: Ndifunseko pa nkhani yoyandikana nayo. Mtsikana wathu wa pa kauntala analemba kuti, "Lero sindibwera, ndatenga tsiku la amayi." Manijala wathu ndi mlendo m'dziko muno ndipo amafuna chifukwa pa chilichonse. Ndimaganiza zolemba kuti sakumva bwino m'thupi, kuti nkhani ithe mwaulemu popanda kuchititsa manyazi mwana wa eni.

Bambo Mwale: Pamenepo musalembe za thupi, Mayi Njovu. Ndime 47 ya lamulo lomwelo la 2019 imapatsa wantchito wamkazi tsiku limodzi pa mwezi popanda kalata ya achipatala komanso popanda kupereka chifukwa. Mukalemba kuti sakumva bwino, abwana adzafuna sikinoti, ndipo tsikulo likhoza kuchotsedwa pa masiku ake a odwala. Lembani kuti wadziwitsa kuti akutenga tsiku lake la mwezi uno malinga ndi ndime 47, ndipo ngati simunamve kuchokera kwa iye kuti abwera mawa, mufunseni musanalembe.

Komabe, Mayi Daka, pa kupepesa sindinakhutire. Kwathu munthu wamng'ono salankhula ndi wamkulu popanda mawu ofewetsa, ndipo chidziwitso chouma chingamveke ngati wantchitoyo ndi wamwano, pomwe meseji yake inayamba ndi moni waulemu.

Mayi Daka: Ulemu ukhalepo, bambo, koma uchokere kwa mlembi, monga "Bwana, ndikupempha kukudziwitsani". Ngati wantchitoyo wapepesa yekha, pamenepo lembani kuti wapepesa.

Mayi Zulu: Woyendetsa makina uja wayankha pa 08:15 kuti mwana akuyezedwa magazi ndipo akuona kuti lero safika, koma mawa abwera ndi kalata. Ndatumiza chidziwitso chachiwiri chotchula nthawi ya yankho, kusintha kuchoka pa kuchedwa kupita pa kusabwera tsiku lonse, ndi lonjezo lake la kalata. Choyambacho sindinachifufute, zonse ziwiri zalowa m'faelo. Mtundu wa tchuthi ndausiyira a ofesi yoona za antchito akadzaona kalatayo. Tsopano manijala wandifunsa ngati ndingamamatizenso chithunzi cha meseji yeniyeniyo pansi pa chidziwitso chilichonse.

Bambo Sakala: Mamatizani, mayi. Tsiku la mlandu munthu amakana kuti sananene zimenezo, ndipo chithunzicho chimateteza inu.

Mayi Njovu: Koma chikamatidwa, za kutentha thupi ndi magazi a mwana zimene tachotsa dala zifika kwa aliyense wotsegula faeloyo. Kwathu chithunzi amasunga a ofesi yoona za antchito okha, manijala amalandira chidziwitso chokha. Mayi Zulu, kodi pa kampani yanu faelo ya wantchito amaloledwa kutsegula ndani?