Tebulo la Markdown likundidyera theka la lamulo

Tadala, Luchenza

Akuluakulu, ndibwerekeni maso. Lolemba ndikuyamba tchuthi, ndiye ndikulembera mnyamata amene atsale mu ofesi malamulo a pa seva yathu, ija timasungiramo makilo a tiyi amene alimi amabweretsa pa sikelo. Ndaika zonse mu `README.md` pa GitHub, m'tebulo la madanga atatu. Mizere ina yonse ili bwino, koma uwu wokha wandikanika:

```
| Ntchito | Lamulo | Nthawi |
|---|---|---|
| Bakapu | `mysqldump masikelo | gzip > tiyi.sql.gz` | 17:00 |
```

Ndikatsegula, m'danga la Lamulo mukutsala `mysqldump masikelo` basi. Mbali ya `gzip` yathawira m'danga la Nthawi, ndipo 17:00 yo siikuoneka paliponse. Mabekitiki akuoneka poyera, imodzi uku ina uko. Ine ndimadziwa kuti chimene chili pakati pa mabekitiki sichikhudzidwa. Ndalakwitsa pati?

Yamikani, Chitakale

Achemwali, vuto ndi paipi ili pakati pa lamulopo. Ichotseni, m'malo mwake mulembe `&#124;`. Ine ndimatero nthawi zonse m'matebulo a mitengo ya katundu, sizinandivutepo.

Tadala, Luchenza

Ndayesa achimwene. Tebulo lawongoka ndithu, 17:00 yabwerera pamalo pake, koma tsopano lamulo likuwerengeka `mysqldump masikelo &#124; gzip`, manambalawo ali pompo osasanduka paipi. Mnyamatayo akakopera zimenezi ndiye kuti ndamupweteka.

A Makwinja, Bvumbwe

A Yamikani sananame, kungoti mankhwala awo ndi a mawu wamba. Pakati pa mabekitiki `&#124;` sasandulika, amasindikizidwa momwe mwamulembera, chifukwa ntchito ya mabekitiki ndi yomweyo, kuonetsa chinthu osachikhudza.

Tsono a Tadala, pamene mwasokonekera ndi apa. GitHub ikapeza mzere wa tebulo, imayamba yaudula pa paipi iliyonse, isanayang'ane n'komwe za mkati mwa timabokosi. Mabekitiki, nyenyezi ndi zina zotero imaziwerenga pambuyo pake, kabokosi kalikonse pakokha. Pofika nthawi yoti ione mabekitiki anu, mzere unali utadulidwa kale, bekitiki imodzi yagwera m'kabokosi kachiwiri, inzake m'kachitatu. Iliyonse yasowa mnzake wotsekera, n'chifukwa chake mukuziona poyera.

Za 17:00 zija, mutu wa tebulo lanu uli ndi madanga atatu, koma mzerewo utadulidwa unatuluka ndi timabokosi tinayi. Kabokosi kopitirira chiwerengero cha mutu kamangotayidwa mwakachetechete, popanda chenjezo lililonse. Ichi ndi chimene chimandiopsa ine, chifukwa munthu wowerenga mothamanga sangadziwe kuti pasowa kanthu. Paipi yotereyi ikalowa mu mzere wa mutu weniweniwo, madanga a mutu sagwirizana ndi a mzere wa timizere uja, ndipo tebulo silipangika n'komwe, mumangoona ndime ya mawu osakanikirana.

Chochita n'chochepa. Ikani bekisilashi paipi isanafike, mkati momwemo mwa mabekitiki:

```
| Bakapu | `mysqldump masikelo \| gzip > tiyi.sql.gz` | 17:00 |
```

Podula paja GitHub imailumpha paipi yotereyi, kenako imachotsa bekisilashiyo. Wowerenga amaona paipi yoyera, ndipo akakopera pa tsambalo amatenga lamulo lolondola.

Gift, Limbuli

Bwanji osangogwiritsa chizindikiro china chofanana nacho? Pali `¦` kapena `｜` chotakata chija. Tebulo silichizindikira, ndiye silidula. Pa sikirini palibe angaone kusiyana kwake.

Esnart, Thyolo boma

Ayi a Gift, chonde musaphunzitse anthu zimenezo. Maso sangasiyanitse, koma teminolo imasiyanitsa. Zinandichitikira ndi mapepala amene anatisiyira munthu wina pochoka ntchito. Ndinakopera lamulo ngati lomweli, ndinamata, ndinadina. Teminolo sinaone paipi, inatenga chizindikirocho ndi mawu oti `gzip` ngati mayina a matebulo a m'database, `mysqldump` n'kudandaula kuti sikuwapeza. Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma `>` uja anali atagwira kale ntchito yake: anatsegula fayilo ya dzina lomwelo n'kufufuta za mkati. Bakapu ya dzulo lake inapita choncho, kutsala fayilo yopanda kanthu. Ndinakhala mpaka usiku ndikuyang'anitsitsa mzere umodzi womwewo osaona cholakwika, mpaka nditaulemba ndekha pa kiyibodi ndi pamene unayenda. M'mawu ongowerenga mwina mungatero, koma m'chinthu chimene wina adzachikopere, ayi.

Gift, Limbuli

Pepani, ine ndimaganiza za maonekedwe okha. Zakopera sindinaziganizire.

Tadala, Luchenza

Zikomo bambo Makwinja, wa bakapu uja watheka. Koma nditamva za kutaya mwakachetechete ndinabwerera kukayesa mizere yonse umodziumodzi, kukopera pa tsamba n'kumata mu teminolo, ndipo ndapeza china. Mzere uwu sunathyoke, unkaoneka bwinobwino chiyambire:

```
| Zolakwika | `grep 'ERROR\|WARN' sikelo.log` | 07:30 |
```

Lamulo limeneli ndikalilemba ndekha limanditulutsira mizere 14 ya lero. Lokopera pa tsamba silikutulutsa kanthu. Nditayang'anitsitsa, pa tsambapo palembedwa `'ERROR|WARN'`, bekisilashi yanga palibe.

A Makwinja, Bvumbwe

Mwachita bwino kuyesa, chifukwa ili ndi loipa kuposa loyamba lija. Bekisilashi imeneyo inali ya `grep`, osati ya tebulo. Kwa `grep` wamba, `\|` amatanthauza kuti ichi kapena icho. Koma tebulo silingadziwe mwini wake, linaiona ili kutsogolo kwa paipi n'kuitenga ngati yake. Chotsalacho chikuuza `grep` kuti afune mzere wolembedwa `ERROR|WARN` motsatizana choncho, ndipo mzere wotero mu logi yanu mulibe. Mnyamata wanu akanamayendetsa m'mawa uliwonse, osaona kanthu, n'kumakulemberani kuti zonse zili bwino mayi, chonsecho sikelo ikulira.

Ine pamenepa sindilimbana ndi tebulo, ndimasintha lamulolo kuti paipi isafunike:

```
grep -e ERROR -e WARN sikelo.log
```

Likugwira ntchito yomweyo, ndipo mulibe chimene tebulo lingadye.

Yamikani, Chitakale

Nanga osangoika mabekisilashi awiri? Tebulo lidye imodzi, ina itsalire `grep`. Ndayesa pompano pa GitHub ndi `\\|` ndipo yatuluka bwino.

A Makwinja, Bvumbwe

Yatuluka bwino pamene mwayeserapo. Ine sindiikhulupirira, chifukwa mapulogalamu owerenga Markdown samvana pa nkhani ya mabekisilashi awiri. Ena amati yachiwiriyo yateteza paipi, ena amati yoyamba yateteza yachiwiri ndiye paipi yatsala pambalambanda, n'kudula pomwepo. Gwero lake n'lakuti Markdown yoyamba ya John Gruber ya 2004 inalibe matebulo, ndipo CommonMark nayo ilibe. Matebulo anachita kuwonjezedwa ndi anthu osiyanasiyana, aliyense ndi kadulidwe kake.

Ngati lamulo silingasinthike ndipo liyenera kukhala m'tebulo, apa ndi pamene njira yanu ya manambala ija imagwira. Chotsani mabekitiki, mugwiritse `<code>`:

```
<code>grep 'ERROR&#92;&#124;WARN' sikelo.log</code>
```

`&#92;` ndi bekisilashi, `&#124;` ndi paipi. Podula, tebulo silipeza paipi iliyonse. Kungoti `<code>` satchinga ngati mabekitiki: lamulo likakhala ndi nyenyezi ziwiri, monga `logi/*.log` ndi `bakapu/*.gz`, Markdown itha kuzitenga ngati zopendeketsa mawu n'kuzimeza. Komanso wotsegula fayiloyo pa seva ndi `cat` adzaona manambala okhaokha.

Esnart, Thyolo boma

Mfundo yomalizayo ndi imene ndimafuna ndifunse. A Tadala, mnyamatayo adzawerengera kuti? Netiweki ikavuta ngati mmene imachitira kuno mvula ikamagwa, sadzatsegula GitHub, adzawerenga fayilo yomwe ili pa seva. Mmenemo `\|` aoneka ndi bekisilashi yake, ndipo akakopera choncho teminolo itenga paipiyo ngati chilembo wamba. Tabwerera ku tsoka langa lija, mpaka `>` kufufuta fayilo.

Komanso kwathu timagwiritsa MkDocs, ndipo kumeneko zimayenda mosiyana. Paipi ya pakati pa mabekitiki sidula tebulo, mzere wanu woyamba uja ukanatuluka bwinobwino. Koma ndikaika `\|` kuti ndisangalatse GitHub, pa tsamba lathu bekisilashiyo imaoneka. Fayilo imodzi, kwina yabwino kwina yolakwika. Ine ndinasiya kuika malamulo okhala ndi paipi m'tebulo. M'kabokosi ndimangolemba kuti onani lamulo 3 m'munsimu, kenako pansi pa tebulo ndimaika lamulolo palokha pakati pa mizere ya mabekitiki atatu. Mmenemo palibe choteteza, chimene walemba ndi chimene chimatuluka, pa tsamba ngakhale mu fayilo. Mkati mwa kabokosi ka tebulo mabekitiki atatu a mizere yawoyawo sangalowe, n'chifukwa chake amapita pansi.

Yamikani, Chitakale

Zikumveka achemwali, koma tebulo la malamulo 20 mukalimasula choncho likhala masamba angati? Ubwino wa tebulo ndi woti munthu amaponya diso kamodzi n'kupeza chimene akufuna. Kwa ife amene zonse timawerengera pa GitHub pokha, `\|` akukwanira.

Esnart, Thyolo boma

Sindinati onse 20. Okhala ndi paipi okhawo, ndipo nthawi zambiri sachuluka.

A Makwinja, Bvumbwe

Pamenepo sindiweruza, zikutengera kumene pepalalo likawerengedwe. Ndingopempha kuti poyesa musamayang'ane maonekedwe okha. Koperani kuchokera pamalo pamene mnzanuyo adzakopere, mumate poyamba mu fayilo yopanda kanthu, mufananize chilembo ndi chilembo ndi lamulo limene mukudziwa kuti limayenda. Ndipo a Tadala, dzina la bakapu lija muliike deti, kuti `>` asamagwere fayilo ya dzulo.

Tadala, Luchenza

Ndamufunsa mnyamatayo, akuti nthawi zambiri amawerenga pa seva pomwepo chifukwa bando ya mu ofesi simafika kumapeto kwa mwezi. Ndiye ndatsata a Esnart. Mwa malamulo 11, okhala ndi paipi anali awiri. Wa `grep` ndausintha kukhala wa `-e`, watsala m'tebulo. Wa bakapu ndautsitsira pansi, ndipo tsopano uli chonchi:

```
mysqldump masikelo | gzip > tiyi-$(date +%F).sql.gz
```

Tayesa limodzi, iye akukopera ine ndikuonerera, onse 11 ayenda. Chatsala ndi tebulo lina la mayina a malo ogulira tiyi, limene sikiriputi imapanga yokha kuchokera ku CSV, ndipo makalaliki ena amalemba mayina awiri m'kabokosi kamodzi atawasiyanitsa ndi paipi. Limenelo ndi mawu wamba ndipo limawerengedwa pa GitHub pokha. Ndiike `\|` kapena `&#124;` mu sikiriputimo?

Yamikani, Chitakale

Pamenepo ndiye `&#124;`. Sikiriputi ikabwereza kawiri pa fayilo yomweyo siipezanso paipi yoti isinthe, pamene ya bekisilashi iwonjezera yachiwiri n'kukupatsani `\\|` uja a Makwinja akumukana.