Ngongole ya mapepala ija ndayipezera malo

Ndinafunsa: "Mapepala a K40 miliyoni anafika ku unduna mu Febuluwale, ndalama zinatuluka mu Meyi. Ndiwalembe chaka chiti?"

Zikomo nonse munandiyankha. Ndinatsata malangizo a amayi ena mwa inu akuti ndiyambe ndaona njira imene mabuku athu amatsata. Ife timalemba ndalama zikatuluka, choncho K40 miliyoniyo yalowa chaka chatsopano cha zachuma, poti chakale chinatha pa 31 Malichi. Koma ngongoleyo sindinaibise: ndinaiika pa ndandanda wa zosalipidwa, ndipo owerengera mabuku avomereza. Tikadatsata njira yolemba katundu akangofika, ikadalowa mu Febuluwale ngati ngongole.

Anzanga, sungani chikalata cholandirira katundu. Oda yokha sikhala ngongole mpaka katunduyo atafika, ndipo tsiku lofikalo ndilo owerengera mabuku anayamba kundifunsa.