Anyamata anga akungozungulira m'weyahausi, ndiyambire pati?

Mayi a Chisomo: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira weyahausi ya holoselo ku Limbe. Tili ndi mipata 6 pakati pa mashelefu, mpata uliwonse ndi mamita 30, ndipo katundu alipo mitundu ngati 400. Anyamata atatu amatola maoda pafupifupi 40 patsiku. Ikamati 3 koloko amakhala atafooka kale, lole ikudikira pageti, dalaivala akulalata. Katundu tinamusanja potengera kampani imene tinagulako. Abwana akuti tilembe mnyamata wachinayi, koma ine ndikuona kuti vuto ndi mtunda. Ndikulakwa?

Gift wa ku Ndirande: Zophweka izo amayi. Katundu amene amabweretsa ndalama zambiri muikeni pakhomo, basi.

Bambo Nyirenda: Achimwene a Gift, mwayandikira koma simunafike. Miyendo siwerenga ndalama, imawerenga maulendo. Kasitomala mmodzi akatenga mabelo 200 a shuga, umenewo ndi ulendo umodzi wopita pamalo a shuga, ndipo oda ngati imeneyo itengedwe pa paleti. Koma machesi ndi makandulo, otchipa omwewo, amapezeka pa oda iliyonse.

Amayi, tengani mainvoyisi a mwezi wathunthu, muwerenge kuti katundu aliyense walembedwa pa maoda angati, osayang'ana kuchuluka kwa makatoni. Ngati zili mu Excel, mayina a katundu a pa mainvoyisi ali mu kolamu B, ndandanda ya mitundu ya katundu mu kolamu E:

```
=COUNTIF(B:B,E2)
```

Onetsetsani kuti dzina lalembedwa mofanana paliponse, apo ayi sopo mmodzi adzawerengedwa ngati mitundu itatu.

Mayi a Chisomo: Zikomo abambo. Nanga ndikawerenga?

Bambo Nyirenda: Tiwerengere limodzi ndi manambala anu omwewo. Mmene mwasanjiramu, oda yosakaniza imagwira mipata yonse. Mnyamata akalowa mpata woyamba n'kutulukira kumapeto, kenako kubwerera mu wachiwiri, monga mmene timayendera m'mizere pobzala, amayenda 6 kuchulukitsa ndi 30, mamita 180, osawerengera kudutsa kuchoka mpata wina kupita wina. Maoda 40 ndiye makilomita 7.2 patsiku, ngolo ili yolemera.

Tsopano tengani mitundu 60 imene yapezeka pa maoda ambiri pa ndandanda yanu, muike m'mamita 10 oyambirira a mipata itatu yoyandikira polongedzera. Oda imene katundu wake yense ali pamenepo, mnyamata alowa n'kubwerera, mamita 20 pampata, 60 yonse. Kubwerera kumapindula pokhapokha katundu wakutali ali asanafike pakati pa mpata. Akapitirira mamita 15, bola kungotulukira uko.

Kutsogoloko musaunjike sitoko yonse, malo atha msanga. Ikani ya masiku awiri, yotsala ikhale kumbuyo, ndipo wina azidzadzira m'mawa maoda asanayambe. Mukaona anyamata akuthamangira kumbuyo masana, dziwani kuti malo amene mwapatsa katundu ameneyo achepa.

Aunt Rose: Ine ndinayesa zimenezi ku Chirimba, ndinalira. Ndinaika zothamanga zonse mumpata umodzi, ngolo zinkangokumanizana, wina kudikira mnzake atuluke. Choipa kwambiri, sopo wa ufa anakhala moyandikana ndi shuga ndi mpunga. Mayi wina wa golosale anabweza thumba lathunthu ati mpunga ukununkhira sopo, ndipo sankanama.

Bambo Nyirenda: Pepani mayi. N'chifukwa chake ndati mipata itatu, umodzi ukhale wa sopo ndi zina zosadyedwa. Komanso zigubu za mafuta ophikira ndi matumba a mchere zikhale pansi ndiponso poyambira ulendo, kuti mabisiketi adzakhale pamwamba m'ngolomo. Makatoni opepuka otengedwa pafupipafupi akhale pakati pa chiuno ndi phewa.

Yamikani: Kodi mukufuna mashelefu? Ndimawotcherera, mtengo wabwino, ndiyankhuleni kumbali.

Mayi a Chisomo: Mashelefu tili nawo achimwene. Abambo, vuto lina ndi loti invoyisi imatuluka mmene kasitomala watchulira, ndiye mnyamata amatsata pepala, uku ndi uko.

Gift wa ku Ndirande: Apo pokha ndikudziwapo. Lembani ndi penti nambala pamalo aliwonse, monga 2-05, kutanthauza mpata wachiwiri malo achisanu, ndipo pepala lotolera lizisanjidwa potengera manambalawo. Kwathu maoda ang'onoang'ono atatu timatolera ulendo umodzi, iliyonse m'kireti yake.

Aunt Rose: Zotolera pamodzizo ine ayi. Katoni imodzi ikalowa m'kireti yolakwika mudzaidziwa ili ku Thyolo.

Mayi a Chisomo: Zimenezo ndiyamba ndaganiza kaye. Loweruka tisuntha mitundu 20 yokha kuti anyamata asasokonezeke. Koma makope ndi mabolopeni amathamanga sukulu zikamatsegulira basi, ndiye ndiziwasuntha teremu iliyonse?