Ndilembe bwanji kuti botolo langa la uchi lisasinthe pa vidiyo ya AI?

Nangondo

Odi pa gulu pano. Ine ndimagulitsa uchi wa m'mabotolo agalasi, ndipo makasitomala anga ambiri amandipeza kudzera pa sitetasi ya WhatsApp. Ndikufuna kavidiyo kakafupi, koimirira, koonetsa botolo bwinobwino. Ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya AI ija yoti umaikamo chithunzi kenako nkulemba zomwe ukufuna kuti zichitike. Chithunzicho ndinajambula ndi foni, botolo lili pa tebulo pakhonde, masana. Mawu omwe ndinalemba ndi awa:

```
beautiful honey jar, cinematic, camera goes around the jar, golden sunset light, bees flying, honey pouring, 4K
```

Poyambira vidiyoyo ikumaoneka bwino. Kamera ikangoyamba kuzungulira, zilembo za pa lebulo zikumasungunuka, nambala yanga ya foni nkusanduka tizizindikiro tosawerengeka. Chivindikiro ndi chachikasu koma pomathera chikumaoneka chagolide, ndipo uchi ukumangotsika kuchokera m'mwamba botolo lili chitsekere. Makirediti akutha. Odziwa zinthuzi, kodi mbali yoimira kamera, kuwala ndi kayendedwe mumazilemba motani kuti katundu akhale yemweyo?

Yamikani

Onjezerani mawu amayi. Ikani `8K, ultra realistic, highly detailed, professional product photography`. Pulomputi, mawu omwe mumalembawo, ikakhala yaifupi makinawo amangolota zawo. Komanso mulembe `no distortion, no bees on the label`.

Mphatso

Mayi Nangondo, ine ntchito yanga ndi kujambula zotsatsa malonda, ndiye ndilankhulako motalikirapo. A Yamikani akunena zoona kuti ukasiya mpata makinawo amadzazamo zawo, koma mawu ngati `8K` sangakuthandizeni pa vuto ili. Kukula kwa vidiyo kumasankhidwa pa zosankha za pulogalamuyo, osati m'mawu. Vuto lanu ndi lakuti mwalamula zinthu zinayi zoyenda nthawi imodzi, ndipo chimodzi mwa izo sichingatheke popanda kunama.

Chosathekacho ndi kuzungulira. Pulogalamuyo ili ndi chithunzi chimodzi chokha, cha kumaso kwa botolo. Kumbuyo sinakuoneko, m'mbali sinaonemo. Mukati kamera izungulire, ndiye kuti mwaiuza kuti ipeke mbali zimenezo, ndipo lebulo ijambulidwenso mwatsopano ikupendekeka pang'onopang'ono pa chithunzi chilichonse cha mu vidiyoyo. Zilembo zanu siziziona ngati mawu oti ziwasunge, imaziona ngati timizere. Nchifukwa chake dzina lalikulu limapirirako pang'ono pomwe nambala ya foni, yomwe ndi ya tizilembo ting'onoting'ono, imayamba kuwonongeka.

Chachiwiri ndi kuwala. Mwajambula masana, mthunzi uli pansi pa botolo, koma mwapempha dzuwa lolowa. Vidiyo imayambira pa chithunzi chanu momwe chilili, ndiye kuti ifike pa kuwala komwe mwalemba iyenera kusintha mitundu ikuyenda. Chivindikiro chachikasu chasanduka chagolide pachifukwa chimenecho.

Ndiye lamulo lomwe ine ndimatsata ndi ili: poimira kamera ndi kuwala zimakonzedwa pojambula chithunzi, mawu amangozitsimikizira. Chomwe mawu amalamula kwenikweni ndi kayendedwe, ndipo kakhale kamodzi.

Jambulaninso chithunzi. Uchi umakongola kuwala kukaudutsa kuchokera kumbuyo, ndiye ikani tebulo pafupi ndi zenera, zeneralo likhale kumbuyo kwa botolo koma cha pambali pang'ono. Mukatero uchi uwala koma lebulo ida. Tengani pepala loyera lalikulu kapena katoni yoyera, muigwire kutsogolo cha pambali kuti ibwezere kuwala pa lebulo. Babu la m'nyumba lizimitseni, chifukwa likasakanikirana ndi kuwala kwa kunja mitundu imasokonekera. Foni itsitseni ifike pa msinkhu wa lebulo, osajambula mutaimirira nkumayang'ana pansi. Bwererani m'mbuyo pang'ono mudine `2x`, chifukwa mukayandikitsa kwambiri foni botolo limaoneka lotupa pamimba. Jambulani foni itaimirira, ndipo musiye malo pamwamba ndi pansi pa botolo.

Kenako pa zosankha za pulogalamuyo sankhani `9:16`, yomwe ndi vidiyo yoimirira, ndi masekondi 5, mulembe motere:

```
Slow push in toward the jar at eye level. The jar stays still, label facing the camera. Soft backlight glows through the honey. Blurred background.
```

Chiganizo choyamba chikunena za kamera: ikuyandikira pang'onopang'ono, ili pa msinkhu wa botolo. Chachiwiri chikuuza botolo kuti lisasunthe. Chachitatu chikungobwereza kuwala komwe kuli kale pa chithunzi. Onani kuti sindinafotokoze maonekedwe a botolo, mtundu wa chivindikiro kapena zolembedwa pa lebulo. Zimenezo chithunzi chanena kale, ndipo mukazifotokozanso mumaipatsa chilolezo chozijambula mwa njira yake.

Nangondo

Zikomo kwambiri achimwene, apa ndamva. Koma mawu oti `push in` ndi `zoom in` si chimodzimodzi? Ndipo njuchi ndi uchi wothiridwa uja ndizisiye basi? Ine ndimaona ngati zimenezo ndi zomwe zimakopa munthu kuti asadumphe sitetasi.

Mphatso

Pa kamera yeniyeni ndi zosiyana. `Zoom in` ndi kukuza chithunzi kamera ili pomwepo, zonse zimakula limodzi. `Push in`, ena amalemba `dolly in`, ndiye kuti kamera yeniyeniyo ikuyenda kupita kutsogolo, choncho botolo limakula msanga kuposa khoma la kumbuyo ndipo munthu amamva ngati akuliyandikira. Mapulogalamuwa nthawi zina amazisokoneza ziwirizi, koma ine ndimalemba `push in` chifukwa ikamvera zotsatira zake zimakhala zamoyo. Mawu oti `slow` musawaiwale. Kamera ikathamanga imafika pafupi kwambiri ndi lebulo, nkuyamba kupeka tizinthu tomwe chithunzi chanu chinalibe.

Uchi wothiridwa musausiye, koma ukhale kavidiyo kake kake. Jambulani chithunzi china chapafupi, supuni ili pamwamba pa mbale, uchi utayamba kale kudontha, lebulo isaonekemo nkomwe. Pamenepo kamera iime, uchi ndi womwe uyende:

```
Static camera, close-up. Thick honey drips slowly from the spoon into the bowl. Warm light from the left.
```

Mbali ya kuwalako mulembe yomwe ili pa chithunzi chanu, ngati zenera linali kumanja mulembe `right`. Mavidiyo awiriwo mukawalumikize mu pulogalamu yokonzera mavidiyo ya CapCut, ndipo dzina, mtengo ndi nambala ya foni muzilembe komweko pamwamba pa vidiyo. Nambala yomwe kasitomala ayimbe isadutse m'manja mwa AI.

Che Saidi

Pepani ndilowererepo. Ngati mwafika poika supuni ndi mbale pafupi ndi zenera, foni ili m'manja, bwanji osangojambula vidiyo yeniyeni? Uchi umadontha wokha, sufuna makirediti. Ine ndimagula uchi poona momwe ukutsikira, wokhuthala kapena wamadzimadzi. AI ikaukhuthalitsa kuposa momwe ulili, kasitomala akalandira botolo adzati mwamunamiza.

Mphatso

Che Saidi, pa kudonthako sindikutsutsani. Foni yotsamiritsa pa mabuku ingajambule bwino ndithu. Chomwe chimavuta ndi manja ndi kuyendetsa kamera mosagwedezeka, ndipo pamenepo mpomwe pulogalamu imathandiza.

Tiyamike

Botolo limodzi ndi zingati amayi? Mumatumiza ku Mzuzu?

Nangondo

Ndilembereni kumbali asisi, tikambirane. Pano ndimafunsa za vidiyo.

Nabanda

Inenso langa ndi lofanana koma ndimagulitsa zitenje. Ndikati nsalu iwuluzike ndi mphepo, maluwa a pa chitenje amasintha, ena amasowa ena amabadwa atsopano. Kasitomala amagula chitenje chifukwa cha maluwa omwewo. Njira ya uchiyi ingagwire?

Mphatso

Pang'ono chabe asisi. Botolo ndi louma, ukaliuza kuti liime limaima. Nsalu ikapindika mbali ina ya maluwa imabisika, ikatambasukanso pulogalamu imapeka zomwe zinali pamenepo. Yesani kuchiyala chitenje pa tebulo, mujambule kuchokera pamwamba, nsalu isayende, kamera ndiyo itsetsereke: `top-down view, camera slides slowly to the right, fabric stays still`. Komabe mbali yomwe ikulowa kuchokera kumanja sinali pa chithunzi, ndiye ipekedwa. Kuyandikira nkotetezeka kuposa kutsetsereka, chifukwa sikubweretsa malo atsopano. Za mphepozo ine sindinapezepo njira yodalirika.

Yamikani

Koma bwana Mphatso, za `no distortion` zija simunayankhe. Ine ndimalemba ndipo zimandiyendera.

Mphatso

Zimatengera pulogalamu. Ina ili ndi bokosi lapadera lolembedwa `Negative prompt`, ndipo zosafunika umazilemba mmenemo, dzina lokha popanda `no`. Pulogalamu ya Runway imalangiza anthu ake kuti azilemba zomwe akufuna osati zomwe sakufuna. Chifukwa chake nchakuti mukalemba `no bees` mu bokosi lalikulu, mawu oti `bees` alowabe, ndipo njuchi zikhoza kubwera. Ndiye mmalo moti `no camera movement` ndimalemba `static camera`, mmalo moti lebulo isapindike ndimalemba kuti iyang'ane kamera.

Chikondi

Njira ina ya omwe akufunitsitsa kuti botolo lioneke likutembenuka. Mapulogalamu ena amalola kuika zithunzi ziwiri, choyambira ndi chothera. Mumajambula botolo kumaso, foni osaisuntha, nkulitembenuza pang'ono, nkujambulanso. Pulogalamu imangodzaza zapakati. Koma kutembenuzako kukhale kochepa ndithu, mukatembenuza theka lonse zapakatizo zimapekedwanso. Ine kwa mabotolo a mafuta odzola zimandithandiza, ngakhale tizilembo tating'ono timanjenjemerabe pakati.

Ndifunse nawo: alipo amene amalemba mu Chichewa nkumva?

Yamikani

Ine ndimalemba Chingerezi chokha. Mawu a kamerawa makinawo anawaphunzira mu Chingerezi.

Nangondo

Ndabweranso. Ndajambula pa zenera la kuchipinda chochezera, pepala loyera anandigwirira mwana wanga, ndipo ndalemba mawu a achimwene a Mphatso momwe alili. Uchi ukuwala bwino kwambiri, chivindikiro chakhala chachikasu mpaka kumapeto, dzina lalikulu likuwerengeka. Chatsala ndi ichi: cha kumapeto mzere wa nambala ya foni ukugwedezeka pang'ono, ndipo uchi ukuoneka ngati wakwera m'botolo kuposa pa chithunzi. Ndisinthe mawu ati?

Mphatso

Musasinthe zambiri nthawi imodzi, apo ayi simudziwa chomwe chathandiza. Choyamba bwerezani mawu omwewo osasintha kanthu, chifukwa pulogalamu siitulutsa zofanana kawiri, ndipo mwina ulendo wachiwiri uchi sukwera. Ngati ukwerabe, sinthani `slow` akhale `very slow`, basi. Poyang'ana zotsatira musangoonera vidiyo ikuyenda. Iimitseni pa chithunzi chomaliza, muchiike pambali pa chithunzi chanu choyamba, muone zilembo, chivindikiro, pomwe uchi walekeza ndi komwe mthunzi wagwera. Ngati zikuwonongeka mu sekondi yomaliza yokha, iduleni mu CapCut, masekondi 4 ndi okwanira musanalumikize ya supuni ija. Nambala yogwedezekayo muiphimbe ndi yomwe mulembe nokha pamwamba.

Che Saidi

Ya supuniyo ine ndikuumirirabe kuti mujambule yeniyeni, amayi.

Nabanda

Amene wapeza njira ya nsalu youluzika maluwa osasintha anditchule chonde.