Zowonjezera pa nkhani ya kulanti ndi oyilo wa giyabokosi mu Toyota Aqua

"Kodi galaja wamba angandisinthire kulanti ndi oyilo wa giyabokosi mu Aqua yanga, kapena mpaka kwa dila?"

Tidayankha kale kuti angathe, koma pali ziwiri zofunika kuzilongosola bwino.

Ena akuthira oyilo wa CVT chifukwa giyabokosi yake imatchedwa e-CVT. Musalole zimenezo. Mulibe lamba m'menemo, muli magiya ndi mamota awiri amagetsi amene oyiloyo amawaziziritsa, ndipo wofunika ndi Toyota ATF WS. Gulani malita 4, amalowa atatu ndi pang'ono. Palibe kandodo koyezera, choncho galimoto iime posapendekeka. Makanika ayambe wamasula bawuti yothirira asanatsegule yotayira, chifukwa yothirirayo ikakana oyilo atatayidwa kale, galimoto yagona pomwepo. Athire mpaka oyilo ayambe kusefukira pakabowo, kenako amange ndi mawasha atsopano.

Kulanti ali ndi njira ziwiri zosalumikizana, ya injini ndi ya invata, iliyonse ndi thanki yake. Invata ndi bokosi limene limasintha magetsi a batire kuti ayendetse mamota aja. Njira zonse ziwiri zimafuna wapinki uja, Toyota Super Long Life Coolant, wosakaniza kale. Madzi a pampopi kapena a pamjigo ayi, amasiya zokakamira m'mapaipi.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa invata. Mpweya ukatsala m'njira, pampu yamagetsi siyendetsa kulanti, invata imatentha, ndipo makina oyezera amaonetsa nambala ya vuto P0A93. Musanachoke pagalaja, galimoto ili pa READY, suzumirani mu thanki ya invata: kulanti azioneka akuwinduka. Akangoti zii, mpweya watsala kapena pampu yafa. Mawaya alalanje makanika asawakhudze, ntchitoyi siifika kumeneko.