Zotsatira za ekisire ya pachifuwa ija

Funso langa linali lakuti: "Mnyamata wa zaka 19 wa ku Ndirande, kutentha thupi masabata awiri, lero mimba yauma gwa. Pa ekisire pali kamzere kakuda pansi pa dayafulamu kumanja. Ndi mpweya umenewu?"

Zikomo nonse amene munayankha. Ndinatsata malangizo oti akhale chowongoka mphindi 10 tisanajambulenso, kuti mpweya ukwere. Chithunzi chachiwiri chinaonetsa bwino: mpweya wooneka ngati mwezi watsopano pakati pa chiwindi ndi dayafulamu, yomwe inaoneka ngati kamzere koyera kopyapyala. Munalibe timizere ta thumbo lalikulu, choncho silinali thumbo lolowa pamwamba pa chiwindi. Kumanzere musakudalire kwambiri, mpweya wa m'chifu umasokoneza.

Tinamuletsa kudya ndi kumwa, tinaika madiripi awiri, chubu cha m'mphuno ndi katheta, tinayamba seftriakisoni ndi metronidazo, n'kumutumiza ku Gulupu msanga. Madokotala a opaleshoni anapeza bowo kumapeto kwa thumbo laling'ono, la taifodi, n'kulisoka. Akupeza bwino.

Kwa amene adzakumane nazo: mpweya wotere umatanthauza kuti chifu kapena thumbo labooka, kawirikawiri chifukwa cha chilonda cha m'mimba kapena taifodi. Funsani ngati wachitidwa opaleshoni ya pamimba posachedwa, poti mpweya umatha kutsala sabata yathunthu. Wolephera kukhala mugonekeni chakumanzere, mpweya udzaoneka m'mbali mwa chiwindi. Ndipo mimba ikauma koma mpweya osaoneka, musadikire, mutumizeni ndithu, chifukwa mabowo ena saonetsa mpweya pa ekisire.