Ndisindikize kaye malebo kapena ndiyambe ndateteza dzina?

Mayi wa chiponde, Mchinji: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndimapanga chiponde, ndipo chaka chamawa ndikufuna kuwonjezerapo uchi. Dzina ndasankha "Chiponde Chokoma cha ku Mchinji", logo wandijambulira mnyamata wina, mtedza utavala chisoti. Ndalama ya malebo ndi yolengezetsa pa wailesi ndasunga kale, koma mtima ukukana. Bwanji wina akadzanditengera dzinali? Bizinesi ndinalembetsa, satifiketi ili m'nyumba. Kodi si zokwanira?

Wa golosale, Dowa: Zakwana mayi. Poti munalembetsa, palibe angakhudze dzinalo. Sindikizani.

Bambo wa ku Limbe: Pepani achimwene, pamenepo mwaphonya pang'ono. Satifiketi ija imangosonyeza kuti bizinesi ikudziwika ku boma. Dzina la pa botolo limatetezedwa ndi tiredimaki, kutanthauza dzina kapena chizindikiro cha malonda cholembetsedwa, pansi pa lamulo la 2018, ndipo imeneyo amalembetsa payokha kwa Rejisitala Jenerale. Musanalipire wosindikiza, apempheni afufuze m'kaundula ngati mulibe dzina lofanana ndi lanu, ngakhale longomveka mofanana polinena.

Koma chimene chandidetsa nkhawa ndi dzinalo. Likungonena chimene chili m'botolo, kukoma kwake ndi kumene chachokera. Aliyense wopanga chiponde ku Mchinji ali ndi ufulu wonena mawu amenewo, n'chifukwa chake mayina otere amakanidwa. Logo ya mtedzayo ingathe kudutsa, koma mawuwo sangakhale anu nokha. Pekani dzina losakhudzana ndi mtedza, mawu okomawo mulembe pansi pake.

Mayi wa chiponde: Mayo ine, dzinali ndinali nditalikonda! Nanga ndikapeza lina, lidzagwiranso pa uchi?

Bambo wa ku Limbe: Pokhapokha mutalembetsa magulu onse awiri. Katundu ndi ntchito anazigawa m'magulu 45. Chiponde chili m'gulu 29, uchi m'gulu 30, ndipo kuwonjezera gulu n'kuwonjezeranso ndalama. Akalandira pempho amalilengeza kuti wodandaula atsutse. Likadutsa, chitetezo chake ndi cha zaka 10, kenako mumakonzanso. Chizindikiro cha ®, chosonyeza kuti dzina ndi lolembetsedwa, musachiike kufikira satifiketi itatuluka.

Nachisale: Komanso pitani ku MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, masitolo akuluakulu salandira popanda chidindo chawo.

Mlongo wa sopo, Mzuzu: Zimenezo ndi zoyeza chakudya anti, si za dzina. Ine ndinapsa. Ndinasindikiza malebo 3,000, patangotha miyezi iwiri kalata ya loya inafika, akuti dzina langa likufanana ndi la kasitomala wake, kusiyana chilembo chimodzi chokha. Tinachezera usiku kumatula mapepala ndi madzi otentha. Chinanso mayi, wojambula logoyo asaine pepala loti wakupatsani umwini wonse. Kumulipira kokha sikukwanira.

Mayi wa chiponde: Zikomo nonse, wosindikiza ndamuimitsa. Koma makasitomala ena amachokera ku Chipata. Tiredimaki ya kuno igwira kumeneko?

Bambo wa ku Limbe: Ayi, imathera pa malire. Ku Zambia mumalembetsa kwa PACRA, bungwe lawo lolembetsa makampani ndi matiredimaki.

Wa golosale, Dowa: Ine ndikuonabe kuti kwa mabotolo ochepa opita ku Chipata ndalamayo ingowonongeka. Mumagulitsa angati pa mwezi kumeneko, mayi?